Mutu woyamba ukugonetsa anthu, mnyamata wanga akuchedwa kunyamuka

Cholembera Chatsopano: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndikulemba buku langa loyamba, nkhani ya mnyamata wa zaka 19 amene akuchoka kumudzi kupita m'tauni kukasaka ntchito. Mutu woyamba ndamaliza, masamba 11, mawu ngati 3,200. Ndinapatsa anthu atatu kuti awerenge. Woyamba anati "zili bwino", koma nditamufunsa kuti mnyamatayo ananyamula chiyani pochoka anangoseka, ndinadziwiratu kuti sanafikepo. Wachiwiri ndi mlongo wanga, uyu sabisa, akuti tulo tinamupeza pa tsamba 4. Wachitatu mpaka lero akuti awerenga mawa. Nkhani ikuyamba chonchi:

"Dzuwa linatuluka pang'onopang'ono kuseri kwa mapiri, tambala nalira kachitatu. Mbalame zinkaimba mokoma m'mitengo ngati zikudziwa kuti tsikuli linali losiyana ndi masiku ena onse. Ndinadzuka, ndinadziwongola, ndinayang'ana mudzi umene ndinabadwiramo."

Chalakwika n'chiyani?

Mphezi: Achimwene, musakwiye, koma tambalayo mupheni. Nkhani zambiri zomwe ndinazisiyira panjira zinayamba ndi dzuwa kutuluka. Yambani ndi moto. Tsamba loyamba mnyamata ali kale m'tauni, usiku, anthu atatu amuzungulira padepoti, chikwama chapita. Zakumudzizo mudzatiuza pambuyo akukumbukira.

Bambo wa Awiri: Mwana wanga, usanyamuke usanadziwe kokafikira. Ntchito m'tauni si yotola ayi. Tenga makalata ako onse a sukulu, uchite mafotokope, enieniwo usamapatse munthu. Ndipo aliyense wokuuza kuti ulipire kaye kuti akulembe ntchito ndi wakuba.

Nyerere: Bambo, si iwowo akupita. Ndi buku akulemba 😂

Bambo wa Awiri: Ooh pepani, ndinangowerenga m'mwamba. Komabe mnyamata wa m'bukuyo amve zimenezo.

Mayi Mkonzi: Ndakonza zolemba za anthu kwa zaka zambiri, ndipo mutu ngati wanuwu ndimakumana nawo kawirikawiri. Tisanaphe tambala, tichite kanthu kena. Lembani pano zomwe zikuchitika pa tsamba lililonse, mzere umodzi basi. Musalembe zomwe mnyamatayo akuganiza kapena zomwe inu mukufotokoza. Lembani zomwe munthu woima pakhomo angaone ndi maso kapena kumva ndi makutu.

Cholembera Chatsopano: Chabwino mayi. Tsamba 1 ndi 2 akudzuka, akusamba, akuyang'ana mudzi. Tsamba 3 mpaka 5 ndikufotokoza imfa ya bambo ake, mmene analepherera mayeso, ndi zaka ziwiri zomwe sanakolole bwino. Apa woima pakhomo saona kanthu, ndavomera. Tsamba 6 ndi 7 amayi ake akumulangiza za atsikana, mowa ndi anzake oipa. Tsamba 8 akulongedza, ndipo akuyesanso kuimba nambala ya amalume ake omwe analonjeza kumulandira, koma sikulowa. Tsamba 9 akutsanzikana ndi chibwenzi chake pamtsinje. Tsamba 10 ndi 11 akuyenda kupita kumsewu, basi yabwera, akukwera, akulira.

Mayi Mkonzi: Imani pa tsamba 8. Nambalayo sikulowa lero lokha, kapena yakhala isakulowa? Ndipo amayi ake akudziwa?

Cholembera Chatsopano: Masabata atatu tsopano. Amayi sakudziwa. Sangawauze chifukwa anagulitsa kale makina awo osokera kuti apeze ndalama ya basi ndi yodyera masiku oyamba. Ndinangozitchula m'ziganizo ziwiri.

Mayi Mkonzi: Ndiye buku lanu ndi limenelo, mwalikwirira pa tsamba 8 m'ziganizo ziwiri. Taonani. Kuti mnyamata wosauka akupita kukafuna ntchito, wowerenga sadabwa. Anamvapo, mwina iye mwini anachitapo. Umphawi umabweretsa chisoni, koma chisoni sichitembenuzitsa tsamba. Chimene chimatembenuzitsa ndi funso loti munthu sangagone asanamve yankho lake. Pa tsamba 1 mpaka 7 funso lilipo limodzi lokha, "kodi apita?", ndipo yankho tonse tikulidziwa chifukwa lalembedwa pachikuto. Koma mnyamata amene akupita kwa munthu wosayankha foni, ndi ndalama ya makina omwe ankadyetsa banja, akumwetulira amayi ake ngati zonse zili bwino, ameneyo watigwira. Awauza? Akagona kuti usiku uno? Amalumewo chawachitikira n'chiyani, kapena akuthawa dala? Mafunso atatu, onse ochokera pakapepala kamodzi ka nambala.

A Mphezi anena zoona kuti vuto lioneke pa tsamba loyamba. Pomwe ndikusiyana nawo ndi pa akubawo. Munthu amene sitikumudziwa akaberedwa chikwama timangoti pepa, n'kudutsa. Chikwamacho chimapweteka tikadziwa kuti muli ndalama ya makina. Komanso mukayambira padepoti, mutu wachiwiri wonse ukhala wobwerera m'mbuyo, ndiye tulo mwangotisamutsa kuchoka pa tsamba 4 kupita pa tsamba 14.

Mphezi: Mwina. Koma ine ndawerengapo nkhani zoyambira pakati pa ndewu ndipo sindinaziike pansi.

Mayi Mkonzi: Zilipo, ndipo zimayenda bwino ngati nkhaniyo ndi ya ndewu. Iyi ndi ya manyazi. Mukatsegula ndi mipeni mwalonjeza wowerenga buku la mipeni, akapeza kuti mitu yotsatira ndi ya mnyamata akugogoda m'mageti adzati mwamunamiza.

Aphunzitsi Opuma: Ndiloleni ndiikire kumbuyo mudziwo pang'ono. Masiku ano aliyense akuti fulumirani, fulumirani. Koma mpangankhani akamachoka kwawo, wowerenga ayenera kudziwa chimene chikusiyidwa. Ngati mudziwo sitinaukonde, kuchokako sikutipweteka. Ine masamba awiri oyambawo sindikadataya onse. Ndipo imfa ya bambo ndi yofunika, ndiyo yachititsa zonsezi.

Wobwera Kale: Ine sindine mlembi, koma ulendowu ndinauyenda ndili ndi zaka 20. Tsiku limenelo sindinaone dzuwa, sindinamve mbalame. Ndinkangogwira thumba la kumanzere la buluku kuona ngati ndalama ilipo, mwina kakhumi ndisanafike pamsewu. Madzi sindinamwe kuyambira m'mawa poopa kuti ndikafuna kutaya madzi basi ingandisiye. Ndipo sindinalire pokwera. Ndinali kalikiliki kuyang'ana komwe kondakitala waponya chikwama changa. Kulira kunabwera usiku wachitatu, nditagona pansi kwa eni ake, nditamva akunong'onezana kuti "akhala mpaka liti". Ndiye mnyamata wanu akulira pa tsamba 11, ine ndikukayika pang'ono. Koma anthu timasiyana.

Nyerere: Za kusamwa madzizo zandikhudza kuposa dzuwa ndi mbalame zija pamodzi.

Cholembera Chatsopano: A Wobwera Kale, zikomo kwambiri. Kulirako ndichotsa. Ndayesa kuyambiranso potsatira zomwe anena Mayi Mkonzi:

"Mtima wanga unali wolemera ndi chinsinsi chachikulu chimene sindikanatha kuuza amayi anga okondedwa. Amalume, omwe anali chiyembekezo changa chokha m'tauni, anali asakuyankha foni kwa masabata atatu, ndipo ndinkaopa kwambiri chifukwa amayi anali atagulitsa makina awo osokera chifukwa cha ine."

Mayi Mkonzi: Mwasuntha chinthu choyenera, koma mwachipereka ngati lipoti kwa amfumu. M'ziganizo ziwiri mwatiuza zonse, ndi mmene tiyenera kumvera mwatiuzanso: wolemera, chachikulu, okondedwa, chokha, kwambiri. Wowerenga watsala wopanda ntchito. Komanso palibe amene akuchita kanthu, tikadali m'mutu mwa mnyamata. Ikani anthu awiri m'chipinda chimodzi, wina akudziwa, wina sakudziwa, ndipo wosadziwayo akhudze pachilondapo mosazindikira. Mwachitsanzo, ili ndi langa, inu mulembe lanu:

"Amayi anati ndiwerengenso nambala ya amalume mokweza. Ndinaitchula yonse osayang'ana pakapepala, iwo nagwedeza mutu mokhutira. Ankayesa kuti ndailoweza chifukwa cha changu. Ndinali nditailoweza chifukwa ndinkaiimba usiku uliwonse kuseri kwa nyumba, sabata yachitatu tsopano, ndipo sinkalowa."

Onani kuti mawu oti chinsinsi mulibe, oti mantha mulibe. Makinanso sindinawatchule. Asungeni ndime ziwiri kapena zitatu, kuti wowerenga akayesa kuti wamvetsa kukula kwa vutolo, mumuonjezere. Ndipo musanene kuti anagulitsidwa. Mnyamata akawerama kumanga zingwe za nsapato, aone pakona pomwe makina ankakhala: timaenje tinayi pansi pomwe miyendo yake inkaponda, ndi kamulu ka nyenyeswa za nsalu komwe amayi sanasese. Wowerenga aphatikiza yekha akadzaona amayi akumasula ndalama. Chimene munthu wadzipezera yekha amachikhulupirira kuposa chimene wauzidwa.

Aphunzitsi, apa ndi pomwe mudzi wanu ukulowera. Sindikuti utayidwe. Ndikuti ubwere pamene dzanja la mnyamata lagwira kanthu. Nsapato zomwe akumangazo zikhale za malemu bambo ake, zazikulu pang'ono, waika mapepala kutsogolo. Basi imfa ija yalowa m'ziganizo zitatu m'malo mwa tsamba lathunthu. Mayeso alowe pomwe akusankha ngati atenge kalata ya zotsatira kapena aisiye. Zokolola zija mwina sizikufunikanso, makinawo anena kale.

Aphunzitsi Opuma: Za nsapatozo ndagwirizana nazo. Koma ziganizo zitatu pa imfa ya kholo n'zochepa, mayi. Ine ndikadapatsa ndime yathunthu, ngakhale ziwiri.

Mayi Mkonzi: Ndime imodzi sindingakane, bola ibwere wowerenga atakodwa kale. Pa tsamba 3 imapiririka, pa tsamba 1 ayi. Zina zidikire mutu wachinayi, ali m'tauni, nsapato ija itang'ambika.

Mphezi: Funso. Bwanji amayiwo osangoimba okha kwa mchimwene wawo? Masabata atatu osalankhulana ndi munthu amene akukalandira mwana wako? Ine pamenepo buku ndikhoza kulitseka.

Cholembera Chatsopano: Eee, sindinaganizepo.

Mayi Mkonzi: A Mphezi agwira chenicheni. Bowo lotere likhale pa tsamba 200 anthu amakhululuka, pa tsamba 2 sakhululuka. Litsekeni ndi chiganizo chimodzi, mosachita phokoso: m'nyumbamo foni ndi imodzi, ya mnyamata, ndipo amayi akafuna kulankhula ndi munthu amaimbira ndi iyeyo. Zimenezi zikukuthandizaninso kwina. Kwa masabata atatu wakhala akubwera ndi mayankho opeka, "akuti ali bwino", "akuti anali kuntchito". Ndiye bodzali si la lero, lakula. Komanso akanyamuka ndi foniyo, amayi atsala opanda njira yomupezera.

Nyerere: Ine ndimangowerenga, sindilemba, koma ndikanakhala mayiyo, m'mawa umenewo ndikanati "tawaimbira amalume ako ndiwauze ndekha kuti wanyamuka". Ndiye achita bwanji?

Mayi Mkonzi: A Nyerere, mwapereka pakati pa mutu wonse. Masamba awiri a malangizo aja, za mowa ndi atsikana, achoke, mulowe zimenezi. Malangizo ndi mawu oyenda mbali imodzi, mnyamata amangoti "inde amayi". Koma pempho ili likumukakamiza kusankha tikuona. Njira zilipo zitatu. Aulule, buku lathera pomwepo. Anene kuti batire latha kapena mayunitsi mulibe, bodza laling'ono, lotchipa. Kapena aimbe, amve mawu aja oti nambala sikupezeka, n'kuyamba kulankhula yekha: "Ee amalume, ndikunyamuka tsopano. Ee. Ali pompano. Ooh muli pa ntchito? Chabwino, ndiwauza." Njira yachitatuyi ndiyo yoopsa, ndipo ikutiuza kuti mnyamatayu ndi wotani kuposa masamba atatu a mbiri yake. Tadziwa kuti amatha kunama nkhope ili gwa, ndipo tikudziwa kuti m'tauni luso limeneli lidzamuthandiza ndi kumuwononga komwe.

Aphunzitsi Opuma: Koma musawasandutse amayiwo chitsiru. Mayi amene walera mwana zaka 19 amadziwa mawu ake akamanama. Ndipo akanatambasula dzanja kuti "bweretsa kuno ndimulonjere".

Wobwera Kale: Amayi anga akanadziwa. Koma sakananena. Akanangoonjezera kandalama kena.

Cholembera Chatsopano: Zimenezi zandizizira m'thupi. Ndiye kuti mwina amayi akudziwa, koma akunamizira kusadziwa chifukwa makina apita kale ndipo kubwerera kulibe? Vuto ndi loti nkhaniyi akufotokoza ndi mnyamata mwini. Sindingalowe m'mutu mwa amayi.

Mayi Mkonzi: Musalowemo. Ubwino wa "ndina-" ndi womwewo: tikuona zokhazo zomwe iye akuona, koma tikhoza kumvetsa zomwe iye sanamvetse. Amayi atambasule dzanja, monga anenera Aphunzitsi, kenako alibweze okha asanagwire foniyo, apukute m'chovala chawo ngati linali lonyowa. Mnyamata apume kuti wapulumuka. Wowerenga watcheru adzati hmm. Wosatchera adzadutsa, palibe chotayika. Mukadzasinthira ku "ana-" kuti muonetse maganizo a onse awiri, mudzapeza ufulu koma mudzataya kukayikaku, ndipo kukayikako ndi komwe kukugwira ntchito.

Mphezi: Ine ndikanakonda amayiwo asadziwe ngakhale pang'ono. Kuti tsiku lodzadziwa lidzaphulike bwino.

Nyerere: Ayi, adziwe. Zimapweteka kwambiri choncho.

Cholembera Chatsopano: Izo ndikagona nazo. Nanga chibwenzi chija cha pamtsinje? Ndimaikonda ndime imeneyo, ndinailemba masiku anayi.

Mayi Mkonzi: Funso ndi limodzi: mtsikanayo akudziwa za nambala? Ngati ndi yekhayo amene akudziwa, msiyeni, koma mwachidule, ndipo asalire, amukalipire. "Ukupita kwa ndani?" Pamenepo akukoka chingwe chomwecho. Ngati akungolonjezana kudikirana, ndi kutsanzikana kwachiwiri m'mutu umodzi, ndipo kwachiwiri kumafooketsa koyamba. Musafufute, isungeni m'fayilo ina. Masiku anayi aja wowerenga sawaona.

Bambo wa Awiri: Ndakhala ndikutsatira mwakachetechete. Amalumewo ali kuti kwenikweni? Ndayamba kuda nkhawa ngati ndi m'bale wanga.

Cholembera Chatsopano: Kunena zoona bambo, inenso sindinadziwe. Ndimati ndidzaona ndikafika mutu wachitatu.

Mayi Mkonzi: Apo ndiye musapitirire musanadziwe. Wowerenga asadziwe, koma inu mudziwe, chifukwa yankholo likusintha zomwe muike m'mutu woyamba. Ngati amalume ali m'ndende kapena m'chipatala, ndiye kuti ulendo womaliza analankhula bwinobwino, mwansangala, kenako zii. Ngati akuthawa chifukwa anadzitama kuti ndi bwana pomwe alibe ndi pogona pomwe, mnyamata akumbukire kuti nthawi zonse ankaimba ndi iwowo, mwachidule, ndipo akafunsidwa dzina la kampani ankasintha nkhani. Ngati anangotaya foni, funso lanu lalikulu lidzayankhidwa ndi ngozi wamba, ndipo anthu adzamva kuberedwa. Chizindikiro choti mlembi sakudziwa yankho chimaoneka msanga: mutu woyamba umadzaza ndi mawu ngati "sindinadziwe zomwe zinkandidikira", chifukwa alibe kanthu kenikeni koti abise.

Aphunzitsi Opuma: Mzere umenewo ndaufufutapo ndi cholembera chofiira m'zimangirizo za ana kosawerengeka.

Cholembera Chatsopano: Uli pa tsamba 11 😭 Ndi chiganizo changa chomaliza. Ndiye mutuwo uthere pati?

Mphezi: Basi ikangonyamuka foni ilire. Nambala yachilendo. Mutu uthere pompo. Palibe angagone.

Mayi Mkonzi: Zimagwira, koma ndi ngongole. Mutu wachiwiri uyenera kubweza ndi foni yosintha zinthu. Ikakhala ya munthu wolakwitsa nambala, wowerenga sadzakukhulupiriraninso mukadzaimitsa mutu wina pamalo otere. Ine ndikanathera pa chinthu chimene mnyamata wachita yekha chosabwezeka, osati chomugwera. Kondakitala watambasula dzanja, wafunsa kuti mutsikira pati. Mnyamata ali ndi dzina la dera limene amalume anatchulapo kamodzi, sakudziwa ngati ndi loona. Alitchule, apereke ndalama ya makina, alandire tikiti. Mpaka pamenepo akanatha kutsika n'kukabweza ndalamayo kwa amayi. Tsopano sangathe.

Wobwera Kale: Kwa ine mutuwo sunathe asanafike. Chinthu choopsa si kukwera, ndi kutsika. Anthu onse omwe munakhala nawo m'basi maola onsewo amabalalika mphindi ziwiri, aliyense akudziwa kolowera, iwe n'kutsala ndi chikwama pakati pa miyendo ukunamizira kuti ukudikira munthu. Ndikanathera pamenepo.

Mayi Mkonzi: Ndi pabwino kwambiri, koma ndikanapasunga kuti pakhale potsegulira mutu wachiwiri. Mukaika kunyamuka ndi kufika m'mutu umodzi, ulendo wa pakati mudzaudumpha kapena mudzautalikitsa, ndipo mutu udzapitirira mawu 4,000. Mukachotsa zomwe takambiranazi mutsala ndi mawu ngati 1,800 mpaka 2,200, chipinda chimodzi, njira ya kumsewu, ndi basi. Kwa mutu woyamba wa mlembi amene anthu sakumudziwa, kufupikako n'kothandiza.

Wobwera Kale: Inu ndi amene mumadziwa za mawu. Koma ine ndikanawerengabe mpaka atatsika.

Cholembera Chatsopano: Ndilemba mathero onse awiri, la tikiti ndi la padepoti. Mlongo wanga ndimupatsa limodzi, mnzanga uja wa "zili bwino" linalo.

Mayi Mkonzi: Musawafunse ngati zili bwino, adzati ee. Apatseni cholembera aike kadontho pamene maganizo awo anayamba kuyendayenda. Akamaliza muwafunse kuti akuganiza kuti amalume ali kuti. Akayamba kutsutsana nanu, mutu wagwira. Akati "amalume ake ati?", bwererani kuno ndi tsamba lomwe pali kadonthoko.

Nyerere: Ndipo tambala uja?

Cholembera Chatsopano: Ndamusiya, koma tsopano akulira pakati pa foni yabodza ija, mnyamata akuopa kuti amayi amva kuti mbali inayo kuli zii. Mayi Mkonzi, zikutheka kapena ndaonjeza?

Mayi Mkonzi: Mwasokoneza pang'ono. Tambala akalira ndiye kuti wamuthandiza kubisa, si pamenepo poopa. Mantha abwere tambalayo akasiya. Tumizani ndimeyo tione.